Ndayeza kukula kwa Bua ndili tsidya lino

Loweruka ndinabwereranso ku mtsinje wa Bua ndi mng'ono wanga, titatenga tepi yoyezera, chingwe ndi zikhomo zinayi zansungwi. Sabata yatha ndinapeza mamita 44, koma mtima unakana, chifukwa ngodya ndinangoziyeza ndi maso.

Tsidya linalo pali mkuyu womwe uli pafupi ndi madzi, ndipo tsinde lake ndinalitcha A. Moyang'anizana nalo, tsidya lino, ndinakhoma chikhomo B. Kuchokera pamenepo ndinayenda motsata gombe mamita 20 n'kukhoma C, kenaka mamita 5 ena pamzere womwewo n'kukhoma D. Pa D ndinafulatira mtsinje n'kumalowera kumtunda, ndikucheuka, mpaka chikhomo C chinaphimba tsinde la mkuyu nditatsinzina diso limodzi. Pamenepo ndiye pa E.

Apa pamatuluka makona atatu awiri okumana pa C: aakulu ABC oyala pamadzi, ndi aang'ono EDC apamtunda. Ngodya zawo za pa C n'zofanana, ndipo ngati pa B ndi pa D pali madigiri 90, awiriwa amafanana maonekedwe, amangosiyana kukula. BC ndi CD kuchulukitsa kanayi, choncho AB nayenso ndi DE kuchulukitsa kanayi.

Ngodyazo ndi zomwe zinandigwetsa poyamba. Ulendo uno ndinachita monga amachitira amisiri poyala maziko a nyumba: chingwe cha mamita 12, mfundo pa mamita 3 ndi pa mamita 7, nsonga n'kuzilumikiza. Mukachikunga pa mfundo zitatuzo mbali zake zimakhala 3, 4 ndi 5, ndipo pamfundo ya pakati pa 3 ndi 4 pamakhala madigiri 90 enieni. Mfundo imeneyo tinaiika pa B, mbali imodzi italoza kumkuyu, inayo n'kutipatsa mzere wa C ndi D. Pa D tinateronso.

DE inakwana mamita 9.5, kutanthauza mamita 38. Koma masentimita 25 okha olakwika pa DE amasanduka mita yathunthu payankho, ndiye ndinasunthira D pa mamita 10 kuchokera pa C kuti ndizingochulukitsa kawiri. Ndinapeza 19.2, yomwe ikupereka 38.4. Mayankho awiriwa atayandikana chonchi m'pamene ndinawakhulupirira. Ndikanakonda CD ikhale mamita 20 ngati BC, kuti DE ingokhala kukula kwenikweniko popanda masamu, koma kumtundako kuli munda wachimanga wa eni ake.

Mamita 38 amenewa ndi ochokera pachikhomo kufika patsinde. B anali mamita 2 kuchokera kumadzi, ndipo mkuyu ndikuuyerekeza mita imodzi, ndiye madziwo ndi mamita pafupifupi 35. Chikhomo B ndachisiya pomwepo, ndidzayezanso mu Okutobala madzi akadzaphwera.