Nkhomo imodzi imene inkasowa mu gemu yathu ya bawo

Kabizinesi kathu kali pa Chitakale, ku Mulanje. Ndife awiri, ine ndi mlamu wanga, ndipo timapanga gemu ya bawo ya pafoni pogwiritsa ntchito Godot, pulogalamu yopangira magemu. Itangotuluka, madandaulo anayamba kubwera: akuti gemu ikuba nkhomo. Ukafunsa kuti zachitika bwanji, yankho linali loti "zangosowa basi". Tinkasewera mpaka usiku, vuto osaoneka.

Bawo ili ndi maenje 32 ndi nkhomo 64. Nkhomo zimangosintha mwini, sizichoka pa bawo, choncho nthawi iliyonse ukawerenga ziyenera kukwana 64. Tinayamba ndi kulekanitsa malamulo a masewero ndi zojambula za pasikirini, ntchito yotopetsa kwabasi, kuti kompyuta izitha kusewera yokha osajambula kanthu. Kenako tinalemba mayeso mu GUT, chida choyesera mapulogalamu a Godot:

```gdscript
func test_nkhomo_64():
    for n in 1000:
        var b = Bawo.new(n)
        while not b.yatha():
            b.sewera_mwachisawawa()
            assert_eq(b.werenga(), 64, "gemu %d" % n)
```

Chinsinsi chili pa `n`. Nambalayi ndi imene imatsogolera kusankha kwachisawawako, ndiye ukaibwereza, gemu yomweyo imabwereranso ndendende. Magemu ambiri anadutsa bwino, koma ena ochepa anagwa pa 63.

Mayeso amakuuza kuti pali vuto, koma diso limafuna kuona. Mlamu anawonjezera kabokosi kolembamo malamulo mkati mwa gemu, kamene kamatseguka pokhapokha `OS.is_debug_build()` ikavomera kuti iyi ndi gemu yoyesera, osati yopita kwa anthu, kuopa kuti osewera angamadzipatse nkhomo. Ukalemba `gemu 417` kamabweretsa gemu ya nambala imeneyo, `phazi` kamafesa nkhomo imodzi n'kuima, ndipo `ika 3 17` kamaika nkhomo 17 m'dzenje lachitatu.

Tikuyenda phazi ndi phazi, tinaona kuti magemu onse ogwa anali ndi dzenje lodzaza kwambiri. Wosewera aliyense ali ndi maenje 16. Ukatola nkhomo 16 kapena kuposa, kufesako kumazungulira mpaka kudutsa pa dzenje limene watolamo, n'kusiyamo imodzi. Pulogalamu inkakhuthula dzenjelo ikamaliza kufesa m'malo mokhuthula isanayambe, ndiye imodzi ija inkafufutidwa. Kukonza kwake kunali kusuntha mzere umodzi. Ife sitinkakumana nazo chifukwa timasewera mothamanga. Akatswiri a pansi pa mtengo, amene amaunjika nkhomo dala, ndiwo ankaberedwa.

Dzenje la nkhomo 17 lija tinalisandutsa mayeso akeake, pamodzi ndi la nkhomo 15 ndi la nkhomo 16, popeza zolakwika zotere zimakonda kubisala m'malire. Tsopano palibe chimene timatumiza kwa osewera mayeso asanadutse.

Komabe mayesowa saona sikirini. Chala chikakhudza dzenje lina gemu n'kusankha loyandikana nalo, nkhomo zimakwanabe 64 ndipo mayeso amati zonse zili bwino. Zoterezo timazigwira polemba m'kabokosi kaja lamulo la `malire`, limene limajambula mizere kuzungulira malo amene dzenje lililonse limamva chala, ndipo timayesera dala pa mafoni a sikirini yaing'ono.