Tebulo la mlombwa ndi phula la makandulo: pomwe ntchito yafika

Loweruka m'mawa

Tebulo limene ndikulichotsa phula ndi la mlombwa, mtengo umene akalipentala a ku Glen View kuno ku Harare amautchula kuti mukwa. Ndi la masentimita 120 m'litali ndi 75 m'lifupi, ndipo lachokera m'nyumba ina ku Mufakose, dera linanso la mu Harare, komwe linkanyamula makandulo nthawi zonse magetsi akazima. Phula lili malo atatu. Pakati pali chimulu choyera chachikulu ngati chikhatho, pomwe makandulo ankaimikidwa popanda kambale. Cham'mphepete pali madontho ang'onoang'ono oposa 20. Ndiye pali chitenje chimene ankayala pamwamba, chomwe chinadontheredwa ndi phula lofiira mpaka kulowerera kuseri.

Ndisanakhudze phula ndinayamba ndafufuza chimene anapaka pathabwalo, chifukwa mankhwala amene amachotsa phula bwinobwino pa vanishi wina amasungunula vanishi winayo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Mkati mwa mwendo, pomwe sipaoneka, ndinadontheza sipiriti wofiirira uja wa m'sitolo za zipangizo n'kudikira mphindi imodzi. Akanakhala kuti anapaka shelaki, vanishi amene amasungunuka ndi sipiriti, malowo akanafewa n'kuyamba kumata chala. Sipanasinthe kanthu. Pambali pake ndinadontheza thinazi, ndipo pasanathe theka la mphindi panafewa. Apa ndinadziwa kuti ndi vanishi wopopera amene amauma msanga uja, ndipo thinazi ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo sayenera kuyandikira pamwamba pa tebuloli ngakhale pang'ono. Tapentaini wa m'botolo, amene opaka penti amatsukira maburashi, sanachite kanthu pa vanishiyo patatha mphindi zisanu, choncho ndi amene ndamusankha.

Madontho a m'mphepete sanavute. M'mawa wa mu Juni kuno ku Harare phula limakhala louma gwa, moti ambiri anangothothoka nditawakankha ndi khadi lakale la pulasitiki. Khadilo muziligoneka kwambiri ndipo muzikankha motsata mizere ya thabwa. Mpeni ndi lezala ayi. Zimachotsa phula mwachangu, koma zimasiya timizere toyera pa vanishi tomwe sitichoka ndi polishi. Madontho amene anakanirira ndinawaikira madzi oundana a m'furiji, nditawamanga m'jumbo n'kukulunganso kansalu kouma, kwa mphindi zitatu. Kansaluko n'kofunika chifukwa jumbo imachita thukuta, ndipo madziwo akakhalitsa pa vanishi wotereyu amasiya banga lotuwa.

Loweruka madzulo, chitenje

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaonongera nsalu, chifukwa amathamangira simbi. Phula la makandulo wamba limasungunuka pa madigiri a pakati pa 50 ndi 60 basi, ndipo likasungunuka limayenda m'ulusi ngati mafuta. Mukaika simbi pa chimulu chonse, banga la ngati ndalama yachitsulo limasanduka lalikulu ngati kambale. Kukakhala kuti phulalo ndi lofiira, utoto wake umayenda nalo limodzi ndipo kutentha kumaukhazika m'thonje. Choncho choyamba n'kuchepetsa phulalo likadali lozizira.

Chitenjecho ndinachipinda, phula lili kunja, n'kuchiika m'chipinda choumitsa cha furiji kwa mphindi 40. Nditachitulutsa ndinapinda nsaluyo pabanga penipeni ndipo phula linasweka ngati chigoba cha dzira. Zotsala ndinapala ndi msana wa supuni, mbali zonse ziwiri. Muzifulumira, chifukwa pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu kutentha kwa manja kumalifewetsanso. Ndinabwezera m'furiji kawiri. Pofika pamenepa chimene chinatsala chinali phula lolowa mu ulusi lokha, malo olimba ngati anathira sitachi.

Tsopano simbi. Pansi ndinayala mapepala a khaki awiri, nsalu pamwamba pake mbali ya phula lambiri itayang'ana pansi, kenako pepala lina pamwamba. Nyuzipepala musagwiritse ntchito, inki yake imasamukira pansalu ikakumana ndi phula lotentha. Simbi ndinaiika pa kadontho kamodzi, komwe ndi madigiri osapitirira 110, popanda nthunzi. Kutentha kumeneko n'kokwanira kale kusungunula phula, ndipo kuwonjezera kumangophika utoto. Simbiyo siyenda uku ndi uku ngati mukusita malaya. Mumaikhazika, kuwerenga mpaka 8, n'kuinyamula. Pepala limatuluka ndi chizindikiro chonyowa ngati mwakulungiramo mandasi. Mukatero sunthani pepala kuti pabanga pabwere malo oyera, pansi ndi pamwamba pomwe. Mukaiwala kusuntha, phula lomwe lija limabwerera m'nsalu. Ine ndasuntha ka 11 pepala lisanayambe kutuluka louma.

Amene muli ndi simbi ya makala, ichotseni makala ena ndipo muiyese kaye pa pepala lokha. Likayamba kufiirira kapena kununkha, yatentha kwambiri. Ndipo ngati nsalu yanu ndi yoterera ya poliyesitala, ikani kansalu ka thonje pakati pa simbi ndi pepala, apo ayi malowo adzawala mpaka kalekale.

Phula latha, koma patsala banga lapinki pamaluwa oyera a chitenjecho. Limeneli si phula, ndi utoto wa kandulo pamodzi ndi timafuta totsalira.

Lamulungu

Utoto wa makandulo umasungunuka m'mafuta, osati m'madzi, n'chifukwa chake kuchapa ndi madzi okha sikuusuntha. Ndinapaka sopo wamadzi wotsukira mbale, supuni yaing'ono imodzi, pansalu youma, n'kutikita ndi chala kuyambira m'mphepete mwa banga kupita pakati. Patatha mphindi 20 ndinatsukuluza ndi madzi otentha moti dzanja n'kupirira. Pinki uja anachepa ndi theka. Kachiwiri ndinagwiritsa ntchito sipiriti woyera wa kufamase, nditayala thaulo lakale loyera pansi n'kumadinda ndi thonje pamwamba kuti utoto uzitsikira m'thaulo. Sipiriti wofiirira pansalu ayi, ali ndi utoto wakewake. Muyese kaye pampendero, chifukwa zitenje zina zotchipa zimasuluka ndi sipiriti. Jiki sindinamuganizire n'komwe, akanadya maluwa a chitenje n'kusiya chigamba choyera.

Ndachapa ndi sopo wa mtanda n'kuyanika. Pali kamthunzi kochepa komwe kakuoneka mukayang'anitsa padzuwa. Sindisita malowo mpaka nditabwerezanso sopo wa mbale, popeza simbi yotentha ingakhazikitse kotsalako.

Lachitatu, chimulu cha pakati

Chimulu chija chinachoka ndi madzi oundana ndi khadi monga madontho aja, koma pansi pake panali nkhani ina. Makandulo ankapsa mpaka kutsinde, ndipo kutentha kunasweratu vanishi pamalo a masentimita pafupifupi 6. Pamenepo phula linalowa m'thabwa lenileni. Mlombwa uli ndi timabowo toonekera ndi maso, totsatana ndi mizere yake, ndipo tonse tinali todzaza ndi phula loyera ngati wina wathiramo ufa.

Chimene chimakopa munthu apa ndi sandipepa, koma ndiye njira yoipa kuposa zonse. Kukhula kumatenthetsa phula, limamata sandipepayo nthawi yomweyo, ndipo lotsalalo limapakika pamalo aakulu kuposa poyamba. Komanso thabwa lakale limakhala litasintha mtundu pamwamba chifukwa cha kuwala kwa zaka zambiri, ndiye mukakhula malo amodzi mozama mumatulutsa chigamba cha mtundu wina pakati pa tebulo. Kungopaka vanishi watsopano pamwamba nakonso sikuthandiza. Vanishi sagwira pa phula: amathawa n'kusiya timaenje ngati maso a nsomba, kapena amakhala womata masiku ambiri, kenako n'kusendeka.

Ndinachita motere. Choumitsira tsitsi pa mphepo yofunda, osati yotentha kwambiri, patali masentimita 20, ndikuchiyendetsa osaima malo amodzi. Pakatha masekondi 15 kapena 20 timabowo timayamba kunyezimira, ndiye kuti phula lasungunuka. Pomwepo mumadinda ndi kansalu koyera ka thonje, osapukuta, n'kutembenuza kansaluko. Muziika chikhatho pa vanishi wozungulira nthawi ndi nthawi. Ngati simungathe kuchisiya pamenepo masekondi asanu, imani kaye, chifukwa vanishi wopopera akatentha amachita mtambo woyera kapena matuza. Simbi ndi pepala la khaki zimene zinathandiza pachitenje sindinaziike pano pachifukwa chomwecho. Ndinabwereza kasanu ndi kamodzi.

Kenako tapentaini. Ndinanyowetsa mswachi wakale wofewa, osati mpaka kudontha, n'kukwecha motsata mizere kwa mphindi imodzi, n'kupukuta msanga ndi nsalu yoyera asanaume. Akauma yekha, phula limene wasungunula limangokhalanso pomwepo. Katatu, nsalu yatsopano ulendo uliwonse. Ntchitoyi ndi ya pakhonde, kutali ndi mbaula ndi kandulo yemwe, ndipo choumitsira tsitsi chisabwererenso pamalo onyowa ndi tapentaini. Nsanza zake ziyanikeni panja zitatambasulidwa. Parafini wa m'nyali amasungunulanso phula, koma amachedwa kuuma, amasiya mafuta ndi fungo m'thabwa losapakidwa, ndiye pamalo ngati awa sindimulola.

Pamwendo wina panali kapepala komata ka sitolo. Ndinakafunditsa ndi choumitsira chija masekondi 30 n'kukasenda pang'onopang'ono, ndipo ulimbo wotsala unachoka ndi dontho la mafuta ophikira patatha mphindi 10, kenako kansalu ka sopo. Mafutawo ndi a pa vanishi wathunthu pokha. Pathabwa losapakidwa amalowa n'kusiya banga lakuda. Chingamu chouma chimene ndinachipeza kunsi kwa tebulo chinangothothoka ndi madzi oundana.

Lachisanu

Ndasiya malo aja kuti aume masiku awiri. Kuti ndidziwe ngati phula lathadi, ndadontheza madzi pathabwa losapakidwalo. Pomwe phula latha, dontho limaphwa pang'onopang'ono ndipo thabwa limada mofanana. Pomwe lilipo, dontho limakhala lozungulira ngati mkanda. Pakati ponse padada bwino, koma cha kumanzere, m'malire ndi vanishi wakale, madontho awiri aima njo. Kumeneko phula linalowa pansi pa vanishi wosweka, ndiye ndiyenera kupala kamzere ka vanishi wofumbutukayo ndi khadi n'kubwereza mswachi ndi tapentaini mawa. Madzi akadzalowa paliponse ndi thabwa n'kuumanso, m'pamene ndidzakhule mopepuka ndi sandipepa wa nambala 220, motsata mizere, n'kuyesa vanishi pa kamalo kamodzi kaye.