Sabata imene fomula inawerenga agogo athu kawiri

Ntchito yanga ndi yosunga ndi kuwerengera mndandanda wa mabanja amene bungwe lathu limawathandiza ndi chakudya m'chigwa cha Shire, ndipo sabata yathayi ndinaithera pa nambala imodzi yokha. Lolemba m'mawa abwana anga anandipempha kuti pofika Lachisanu ndiwapatse chiwerengero cha mabanja a ku Nsanje oyenera kulandira thandizo koyamba, ndipo lamulo lake linali lakuti banja lilowe ngati mutu wake ndi mayi, kapena ngati mutu wake ali ndi zaka 65 kapena kuposerapo. Mndandandawo uli mu Excel, uli ndi mabanja 1,200 a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kuyambira mzere 2 mpaka mzere 1201. Kolamu A muli dzina la boma, kolamu B muli mawu oti `Mkazi` kapena `Mwamuna`, ndipo kolamu C muli zaka za mutu wa banja.

Ndinalemba fomula mofulumira, monga amachitira munthu amene wazolowera ntchito yake, ndipo inali yotere:

```
=SUMPRODUCT((A2:A1201="Nsanje")*(B2:B1201="Mkazi")+(C2:C1201>=65))
```

Yankho linabwera 640. Chinandipulumutsa n'chakuti ndinkadziwa pamtima kuti mabanja onse a ku Nsanje mu mndandandawo ndi 500, choncho gawo la mabanjawo silikanaposa mabanja onse. Kuti vutoli limveke, tiyenera kukumbukira mmene fomula yotereyi imagwirira ntchito. Funso lililonse la m'mabulaketi limayankhidwa pa mzere uliwonse ndi `TRUE` kapena `FALSE`, ndipo mayankhowo akakumana ndi chizindikiro cha masamu amasanduka 1 kapena 0. Kuchulukitsa kumagwira ntchito ya mawu oti "ndiponso", chifukwa 1 amatuluka pokhapokha mbali zonse zikhale 1, pomwe kuphatikiza timakugwiritsa ntchito m'malo mwa mawu oti "kapena". Koma Excel imatsatira lamulo lomwe tinaphunzira ku pulayimale, lakuti kuchulukitsa kumayamba kuphatikiza kusanachitike. Motero fomula yanga inayamba yapeza amayi a ku Nsanje, omwe anali 310, kenako inawonjezerapo okalamba onse a mu mndandandawo osayang'ananso boma lawo, omwe anali 330, kuphatikizapo 190 a ku Chikwawa amene sankayenera kulowa n'komwe.

Ndinaika mabulaketi ena okuta mafunso awiri ophatikizidwawo, ndipo fomula inakhala motere:

```
=SUMPRODUCT((A2:A1201="Nsanje")*((B2:B1201="Mkazi")+(C2:C1201>=65)))
```

Tsopano yankho linali 450, nambala yooneka bwino, yochepera 500, yosapatsa chikayiko chilichonse. Ndinailemba mu lipoti loyambirira n'kuweruka ndili wokhutira, ndipo pa zolakwa zonse za sabatayi chimenechi ndi chomwe ndimachiopa kwambiri, chifukwa 640 inali yoonekeratu kuti ndi yolakwika pomwe 450 ikanatha kudutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi popanda woifunsa.

Amene anaigwira ndi mnzanga wina amene amayendera midzi, munthu wosakonda makompyuta koma wodziwa mabanjawo ndi maso. Lachiwiri masana atawerenga lipotilo anabwera pa desiki panga n'kunena kuti, "Achimwene, nambala yanuyi ikutanthauza kuti pa mabanja khumi alionse a ku Nsanje, asanu ndi anayi ndi a amayi kapena a okalamba. Ine midzi imeneyi ndaiyenda, abambo apakati alipo ndithu ambiri. Kodi agogo aakazi mwawaika mbali iti?" Funso lomalizali ndi limene linanditsegula maso, pakuti agogo aakazi ndinali nditawaika mbali zonse ziwiri.

Taganizirani za mayi wa zaka 72 wa ku Nsanje. Funso la boma limapereka 1, funso lakuti ndi mkazi limapereka 1, ndipo funso la zaka limaperekanso 1. M'mabulaketi a kuphatikiza mumatuluka 2, ndipo 2 akachulukitsidwa ndi 1 amakhalabe 2, choncho banja limodzi limawerengedwa ngati mabanja awiri. Chizindikiro cha `+` chimangophatikiza manambala, sichidziwa kuti ife tikuchitenga ngati "kapena". Chimapereka yankho lolondola pokhapokha ngati mafunso awiriwo sangakhale oona nthawi imodzi pa mzere umodzi, monga pofunsa ngati boma ndi Nsanje kapena Chikwawa, popeza selo imodzi singakhale ndi mayina onse awiri. Ndikuganiza kuti apa ndi pomwe ambiri a ife timanyengedwera: timaphunzira njirayi pa kolamu imodzi, pomwe imagwira bwino nthawi zonse, kenako timaisamutsira ku makolamu awiri osiyana osazindikira kuti chitetezo chija chatsalira m'mbuyo. Mu mndandanda wanga, mizere ya ku Nsanje yomwe fomula inkaiona kuti ndi ya amayi okalamba inali 85, ndipo yonseyo inawerengedwa kawiri.

Lachitatu linali tsiku la kuyesa njira zokonzera, ndipo ziwiri zoyambirira zinalephera. Mtsikana amene akuphunzira ntchito mu ofesi mwathu anandifunsa mwaulemu chifukwa chake sindinangogwiritsa ntchito `OR`, popeza ndi imene inapangidwira mawu oti "kapena". Funsolo linali lanzeru, choncho tinayesa limodzi, ndipo yankho linabwera 500 ndendende, kutanthauza mabanja onse a ku Nsanje. Chifukwa chake n'chakuti `OR` ikapatsidwa mizere yambiri siyankha mzere uliwonse paokha, koma imayang'ana mayankho onse pamodzi n'kubweza `TRUE` mmodzi ngati pali ngakhale mzere umodzi wogwirizana ndi funso. `TRUE` mmodziyo anachulukitsidwa ndi mzere uliwonse wa ku Nsanje, ndipo mabanja onse analowa. `AND` nayonso ili ndi khalidwe lomweli, ndiye chifukwa chake m'mafomula otere timadalira `*` ndi `+`.

Njira yoyenera ndi kufunsa funso lina pamwamba pa kuphatikizako, lakuti kodi zotulukazo zaposa 0, kuti 1 ndi 2 onse abwerere kukhala `TRUE` mmodzi. Ulendo woyamba ndinaika `>0` kumapeto kwenikweni, kunja kwa mabulaketi a kuphatikiza, ndipo yankho linali 0. Kuyerekezera kumachitika pambuyo pa masamu onse, choncho chimene chinafika kwa `SUMPRODUCT` chinali mndandanda wa `TRUE` ndi `FALSE` wosasandulika manambala, ndipo `SUMPRODUCT` imatenga chilichonse chosakhala nambala ngati 0. Nditalowetsa `>0` m'kati, kuti kuchulukitsa kubwere pambuyo pake, zinthu zinayenda:

```
=SUMPRODUCT((A2:A1201="Nsanje")*((B2:B1201="Mkazi")+(C2:C1201>=65)>0))
```

Yankho linali 365, ndiko kuti 450 kuchotsapo 85 aja. Ena amakonda kukuta kuphatikizako ndi `SIGN`, yomwe imasandutsa nambala iliyonse yoposa 0 kukhala 1, ndipo zotsatira zake ndi zomwezo. Ine ndimasankha `>0` chifukwa munthu wodzalandira fayiloyo pambuyo panga angathe kuiwerenga mosavuta.

Popeza nambala inali itandipusitsa kale kawiri, Lachinayi ndinaganiza zoitsimikizira ndi njira ina yosadalira `SUMPRODUCT`. Masamu ake ndi apafupi: uwerenge amayi, uwerenge okalamba, uphatikize, kenako uchotse amene ali m'magulu onse awiri.

```
=COUNTIFS(A2:A1201,"Nsanje",B2:B1201,"Mkazi")
=COUNTIFS(A2:A1201,"Nsanje",C2:C1201,">=65")
=COUNTIFS(A2:A1201,"Nsanje",B2:B1201,"Mkazi",C2:C1201,">=65")
```

Mayankho anali 310, 128 ndi 78, zomwe zikupereka 360. Panali kusiyana kwa mabanja asanu, ndipo ndivomereze kuti mtima unandiuza kuti ndingozisiya, poti asanu pa mazana atatu si ambiri. Koma mabanja asanu pa mndandanda wa chakudya ndi matumba enieni amene wina adzafunse kuti anapita kuti. Ndinatsegula kolamu D yothandizira, n'kulemba `=C2>=65` pa mzere woyamba, n'kuikokera mpaka pansi, kenako ndinasefa mizere ya ku Nsanje yokhala ndi `TRUE`. Inali 140, pomwe `COUNTIFS` inapeza 128. Nditayang'ana zaka za mizereyo, ndinapeza maselo 12 omwe munalibe nambala, koma mawu oti `sadziwa`, olembedwa ndi amene anachita kalembera pamene mwini wake sanathe kutchula zaka zake.

Apa pali khalidwe la Excel limene ndinalidziwa tsiku limenelo. Ukayerekezera mawu ndi nambala pogwiritsa ntchito chizindikiro ngati `>=`, Excel siidandaula, koma imatenga mawu alionse kukhala aakulu kuposa nambala iliyonse, motero `sadziwa` anakhala wamkulu kuposa 65 ndipo onse 12 anasanduka okalamba. `COUNTIFS` yokha imadumpha maselo a mawu otere ikamayerekezera manambala, ndipo kusiyana kunachokera pamenepo. Mwa anthu 12 amenewo, 7 anali amayi, omwe ankalowa kale mwa lamulo loyamba, ndipo 5 anali abambo amene analowa chifukwa cha mawuwo basi. Chosiyana ndi ichi chimachitika ndi maselo opanda kanthu, omwe amatengedwa ngati 0, kotero kuti funso ngati `C2:C1201<5` limawawerenga onse ngati ana aang'ono. Ndinawonjezera `ISNUMBER` kuti zaka ziziyesedwa pokhapokha zili nambala:

```
=SUMPRODUCT((A2:A1201="Nsanje")*((B2:B1201="Mkazi")+ISNUMBER(C2:C1201)*(C2:C1201>=65)>0))
```

Pamenepa lamulo lija la kuchulukitsa koyamba linandithandiza, chifukwa `ISNUMBER` inamatirira ku funso la zaka lokha osakhudza funso la amayi. Yankho linali 360, mogwirizana ndi `COUNTIFS`.

Kanthu kena kakang'ono kanatuluka madzulo a tsiku lomwelo. Mnzanga wa ku gawo la zachuma, yemwe kompyuta yake ili ndi Excel 2016, anafuna kutsimikizira yekha ndipo analemba mafunso omwewo m'kati mwa `SUM`, n'kudina `Enter`, ndipo anapeza 1. Mu Excel yakale, `SUM` siyendera mizere yonse ya masamu otere pokhapokha fomula itsekedwe ndi `Ctrl+Shift+Enter`, ndipo popanda kutero imangoyang'ana mzere umene fomulayo yakhalapo, kapena kubweza `#VALUE!` ngati fomula ili kunja kwa mizereyo. Mu Excel 2021 ndi Microsoft 365 vutoli kulibe. Atadina mabatani atatuwo, mabulaketi opindika anaonekera kuzungulira fomula ndipo 360 inatuluka.

Lachisanu ndinapereka lipoti lokhala ndi mabanja 360, ndipo kolamu zothandizira ndinazisiya mu fayilo kuti aliyense athe kuona 1 kapena 0 pa banja lililonse m'malo mongokhulupirira fomula imodzi yaitali. Pansi pa nambalayo ndinalemba kuti pali abambo asanu amene zaka zawo sizinalembedwe, omwe fomula singawaweruze mbali iliyonse. Abwana anawerenga ndemangayo n'kundifunsa kuti, "Ndiye mukuti asanuwa tiwachotse?" Ndinayankha kuti ayi, chifukwa munthu wosadziwa chaka chimene anabadwa angathe kukhala wokalamba kuposa onse a pa mndandandawo. Tinagwirizana kuti mnzanga woyendera midzi uja atenge mayina awo akamapita ku Nsanje Lolemba, akawaone ndi kufunsa ziphaso zawo za unzika, ndipo chiwerengero chomaliza chidzakhala pakati pa 360 ndi 365 malinga ndi zimene akapeze.