Lipoti la mjigo likatchula apendikisi yomwe mulibemo: momwe ndimayankhira

Kontrakitala akamaliza kukumba mjigo amapereka lipoti, ndipo ife oyang'anira ntchitoyo timayenera kuliyankha ndalama yomaliza isanatuluke. Kawirikawiri lipoti lotere limanena kuti madzi ndi abwino kumwa, n'kuwonjezera kuti umboni wake uli mu apendikisi C kumapeto. Ukatsegula kumapetoko upeza apendikisi A, apendikisi B, kenako chikuto. Ndifotokoza momwe ndimayendera nkhani yotere, ndipo ndigwiritsa ntchito manambala achitsanzo kuti zimveke.

Tiyerekeze kuti lipoti lafika pa imelo ngati PDF. Likunena kuti chitsime ndi chakuya mamita 48, madzi akakhazikika amapezeka pa mamita 11, anapopa kwa maola 4 pa liwiro la malita 0.5 pa sekondi ndipo madzi anatsika kufika pa mamita 19. Aikapo mpope wamanja wa Afridev, ndipo silinda, yomwe imakoka madzi m'chitsimemo, ili pa mamita 30. Apendikisi A ndi ndondomeko ya dothi ndi miyala yomwe anadutsa pokumba, B ndi manambala a kupopa koyesa, C ndi zotsatira za ku labotale. C yo ndiye kulibe.

Ndisanadandaule kwa munthu aliyense, ndimayamba ndatsimikiza kuti pepalalo kulibedi. N'zamanyazi kulemba kalata yaukali pa chinthu chomwe chili m'kompyuta yako yomwe. Ndimayang'ana manambala a m'munsi mwa masamba: ngati tsamba lomaliza lalembedwa kuti `Page 22 of 27`, ndiye kuti masamba 5 anatsala kwinakwake. Ndimafananitsa ndi mndandanda wa zam'katimu kuti ndione tsamba lomwe C imayenera kuyambira. Kenako ndimadina `Ctrl+F` n'kufufuza mawu oti `Appendix`, komanso `Annex` ndi `Attachment`, chifukwa olemba ena amasakaniza mayinawa m'lipoti limodzi. Dziwani kuti masamba ojambulidwa ndi makina sapezeka pofufuza mawu, choncho ndimawatsegulabe limodzilimodzi ndi maso. Ndimabwereranso ku imeloyo kuona ngati panali fayilo ina, ndipo ndimafunsa olandira makalata ngati kunabwera envulopu.

Pali zifukwa zodziwika zomwe pepalali limatsalira. Zotsatira za ku labotale zimatuluka papepala lokhala ndi chidindo, ndiye pamafunika wina alijambule n'kuliphatikiza, ndipo ntchito imeneyi imaiwalika. Nthawi zina fayilo imakula, popeza Gmail salola zomata zopitirira 25 MB, ndiye munthu amaidula pawiri n'kutumiza theka limodzi. Nthawi zinanso lipoti limalembedwa pa chikombole cha lipoti lakale, chiganizo choti madzi ndi abwino chili kale momwemo, zotsatira zisanatuluke n'komwe. Zifukwa ziwiri zoyambazo zimatha ndi foni imodzi. Chachitatucho n'chachikulu, koma ndili pa desiki panga sindingasiyanitse kuti chachitika ndi chiti, choncho sinditchula chilichonse mwa izi m'yankho langa.

Ndikatsimikiza kuti kulibe, ndimatenga cholembera n'kudula mzere pansi pa malo alionse pomwe lipoti latchula C. M'chitsanzo chathu tinene kuti ndi malo 4: m'chidule cha koyambirira, pa gawo la ubwino wa madzi, pa malangizo, ndi pa fomu yopereka mjigo kwa komiti ya m'mudzi. Pamalo paliponse ndimadzifunsa funso limodzi: ndikachotsa C, chiganizo ichi chikuima pa chiyani?

Apa ziganizo zimapatukana. Zina zimaima pazokha. Kuya kwa chitsime ndingakutsimikize ndi apendikisi A komanso kaundula wa tsiku ndi tsiku wa yemwe ankayang'anira pamalopo. Kuchuluka kwa madzi ndingakuwerengere ndekha kuchokera mu B: madzi anatsika ndi mamita 8, kuchoka pa 11 kufika pa 19, ndipo silinda ili mamita 11 pansi pa pomwe anatsikirapo. Mpope wamanja sukoka madzi ochuluka ngati omwe anapopa poyesa, ndiye apa ndilibe nkhawa, bola manambala a mu B aonetse kuti kutsikako kunayamba kukhazikika chakumapeto. Izi ndimaziyankha mokwanira, osadikira C. Kuimitsa lipoti lonse chifukwa cha gawo limodzi n'kulakwira kontrakitala yemwe mwina wagwira bwino ntchito yake yonse.

Ziganizo zina zimagwa C ikachoka. Chachikulu ndi chija choti madzi akukwaniritsa muyezo. Pamenepa m'pomwe mtima umafuna kudzaza mpata. Lipotilo lili ndi manambala omwe anayeza pachitsime pomwepo ndi kachipangizo kam'manja, monga pH ya 7.1, yosonyeza kuti madzi si a asidi, ndi nambala yotsika yosonyeza kuti mchere ndi wochepa. Madzi ndi oyera mbee, anthu alawa akuti alibe kakomedwe kachilendo, ndipo mijigo ya m'midzi yoyandikana inayezedwa kale n'kupezeka bwino. Munthu akhoza kuganiza kuti C ikanangobwereza zomwezi.

Koma zinthu zomwe timatumizira madzi ku labotale ndi zomwe diso ndi lilime sizingazindikire. Fuloraidi alibe mtundu kapena fungo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaika malire ake pa mamiligalamu 1.5 pa lita, ndipo akapitirira pamenepo kwa zaka, mano a ana amachita mawanga ofiirira, monga zimaonekera m'madera ena kuno kwathu, kuphatikizapo ku Nathenje. Naitireti, yemwe amachokera ku zimbudzi, makola ndi feteleza, malire ake ndi mamiligalamu 50 pa lita, ndipo ndi woopsa kwambiri kwa makanda. Tizilombo tochokera m'chimbudzi sitiyenera kupezeka m'mamililita 100 a madzi akumwa. Palibe chimodzi mwa izi chomwe pH ingakuuzeni. Za mijigo yoyandikana nazonso n'zosadalirika, chifukwa m'madera a miyala yolimba madzi amayenda m'ming'alu, ndipo zitsime ziwiri za m'mudzi umodzi zikhoza kutunga m'ming'alu yosiyana.

Palinso funso lomwe anthu ambiri amalidumpha: muyezo wake uti? Ku Malawi kuli MS 214 ya madzi akumwa ndi MS 733 ya madzi a m'mijigo ndi zitsime zotetezedwa, ndipo malire a MS 733 ndi omasuka kuposa a WHO pa zinthu zina, kuphatikizapo fuloraidi. Madzi akhoza kudutsa pa muyezo wina n'kulephera pa unzake. Ngati mgwirizano wathu unatchula muyezo umodzi, lipoti n'kungoti "muyezo" osautchula, pepala la ku labotale lokha ndi lomwe lingathetse nkhaniyo.

Kulota zabwino n'kulakwa, komanso kulota zoipa n'kulakwa chimodzimodzi. Ndikaona kuti sampulo inatengedwa pa 12 Juni ndipo lipoti linasainidwa tsiku lomwelo, ndimadziwa kuti pali funso, chifukwa kuyeza tizilombo kumafuna kuti sampulo ikhale m'chofunditsira pafupifupi maola 18 mpaka 24. Komabe sindilemba kuti kontrakitala wanama. Mwina tsiku linalembedwa molakwika. Ndimangoika masiku awiriwo pafupi n'kupempha kuti andifotokozere.

Yankho langa ndimalitumiza nthawi yomwe mgwirizano unaika isanathe, chifukwa m'migwirizano ina kukhala chete kumatengedwa ngati kuvomera. Limakhala lalifupi, motere:

"Bambo, talandira lipoti lanu la mjigo, lamasamba 22. Magawo okhudza kakumbidwe, kupopa koyesa ndi kaikidwe ka mpope tawaona ndipo tikugwirizana nawo. Lipotili likutchula apendikisi C pa masamba 2, 14, 17 ndi 19, koma apendikisiyo mulibe m'zomwe talandira, ndipo manambala a masamba akusonyeza kuti lipoti lonse lili ndi masamba 27. Pa chifukwa ichi, sitinavomereze kapena kukana zomwe lipoti likunena pa ubwino wa madzi. Chonde titumizireni pepala la ku labotale lokhala ndi chidindo pasanathe masiku 7, ndipo mutiuze muyezo womwe munagwiritsa ntchito. Mutithandizenso pa masiku: lipoti likusonyeza kuti sampulo inatengedwa pa 12 Juni, tsiku lomwe lipotilo linasainidwa."

Mawu oti "sitinavomereze kapena kukana" ndimawalemba dala, ndipo sindiwasintha ngakhale wina atapempha kuti ndiwafewetse. Ndimapewa kulemba kuti "tavomereza podikira apendikisi C", chifukwa kalata ikafika ku ofesi ya zachuma, liwu loyambalo ndi lomwe limawerengedwa, cheke n'kutuluka. Fomu yopereka mjigo sindiisaina. Ngati mgwirizano umalola kulipira m'magawo, ndimalola kuti gawo la kukumba lilipiridwe, la kuyeza madzi lidikire.

Chovuta kwenikweni chimakhala ku mudzi. Mpope uli pomwepo, ukutulutsa madzi, ndipo amayi sangabwerere kudambo chifukwa cha pepala. Apampando a komiti akandifunsa kuti, "Nanga madziwa timwe?", ndimawauza zomwe zilipo: zotsatira sitinazione, ndiye podikira athire mankhwala a kulorini kapena awiritse madzi akumwa. Ndimawauzanso mosabisa kuti zimenezi zimangopha tizilombo. Kuwiritsa sikuchotsa fuloraidi kapena naitireti, choncho ndimaika tsiku lenileni loti ndidzabwere ndi yankho.

Apendikisi ikafika, sindithamangira manambala. Ndimayamba ndaona ngati ndi ya chitsime chathu: dzina la mudzi, nambala ya chitsime, manambala a GPS, nambala ya sampulo. Pepala la chitsime china limatha kulowa m'lipoti mosavuta ngati kontrakitala anakumba mijigo khumi mwezi umodzi. Kenako ndimaona nthawi yomwe inadutsa pakati pa kutunga ndi kuyeza. Sampulo yoyeza tizilombo imafunika kusungidwa pozizira n'kuyezedwa pasanathe maola 6 ngati n'kotheka, ndipo ikapitirira maola 24 zotsatira zake sindizidalira. Ndimafunsanso ngati inatengedwa kulorini wotsukira chitsime atatha, chifukwa madzi omwe akadali ndi mankhwala amaonetsa ziro ngakhale chitsime chikulowetsa zonyansa. Pomaliza ndimawerenga mzere ndi mzere zinthu zomwe anayeza. Mzere wa fuloraidi ukakhala wopanda kanthu, tanthauzo lake n'lakuti sanamuyeze, ndipo ndimalemba choncho, osati ziro.

Masiku 7 akatha popanda pepala, ndimalemba chikumbutso chimodzi chotchula kalata yoyamba ija. Chikapanda kuyankhidwa, sindipitiriza kulondola pepala lomwe mwina silinalembedwepo. Ndimapempha ofesi ya zamadzi ya m'boma kuti tikatunge sampulo ina, kontrakitala ndi a komiti alipo, m'botolo la ku labotale lomwe silinatsegulidwe, titapopa kaye kwa mphindi zingapo kuti madzi a m'mipaipi achoke. Yemwe alipire kuyezaku ndi yemwe mgwirizano unamutchula. Zotsatirazo ndimazisunga m'fayilo pazokha, ndi tsiku lake ndi mayina a omwe analipo, ndipo sindizitcha apendikisi C. Pa lipoti la kontrakitala ndimalemba ndi dzanja kuti C sinalandiridwe, n'kusainira pomwepo.