Ola limodzi m'ndege, ola limodzi pa Sapitwa: masamu a cheza chochokera kuthambo

Phunziro lomwe landitangwanitsa masiku ano m'maphunziro anga a chitetezo ku radiyeshoni ndi la cheza chochokera kuthambo, ndipo funso lake ndi lachidule: munthu wogwira ntchito m'ndege amalandira cheza chochuluka bwanji poyerekeza ndi ife okhala pansi? Ndachita masamuwa ndi malo a kuno ku Mulanje, chifukwa phiri lathuli likupatsa munthu malo atatu oyezera: pa boma, pa Sapitwa, ndi kumwamba kumene kumadutsa ndege.

Tiyambe ndi muyezo. Cheza chimene thupi lalandira chimawerengedwa m'mamilisiveti, ndipo milisiveti imodzi ili ndi mamaikulosiveti 1,000. Pa dziko lonse, munthu amalandira pafupifupi mamilisiveti 2.4 pachaka kuchokera ku chilengedwe, ngakhale asanakwerepo ndege kapena kujambulidwa kuchipatala. Theka la zimenezi ndi mpweya wa redoni, wotuluka m'nthaka ndi m'miyala n'kumaunjikana m'nyumba zosapita mphepo. Zotsalazo zimachokera ku miyala ndi njerwa, ku potaziyamu wa m'zakudya zathu, ndi kuthambo. Gawo la kuthambo ndi laling'ono, silikwana 0.4. Mukagawa 2.4 uja ndi masiku a pachaka, mupeza kuti tsiku lililonse timalandira mamaikulosiveti pakati pa 6 ndi 7. Nambala imeneyi muisunge, ndiyo ndodo yathu yoyezera.

Kuti chezachi chimachokera kumwamba anatsimikiza ndi Victor Hess mu 1912. Iye anakwera ndi chibaluni kupitirira mamita 5,000 n'kuona kuti chida chake chikuwerenga kwambiri akamatalikira nthaka. Zimene zimabwerazo makamaka ndi mapulotoni, tizidutswa ta maatomu, othamanga koopsa, ochokera kunja kwa dera la dzuwa lathu. Akagunda mpweya wa kumwamba amaswa maatomu, ndipo zibenthu zake, monga manyutuloni, ndizo zimatsikira kwa ife. Mpweya wonse umene uli pamwamba pa munthu woima m'mbali mwa nyanja ya mchere umalemera ngati madzi akuya mamita 10, ndipo umenewo ndiwo umatitchinga. Ukakwera, wausiya wina pansi pako.

Ndiye pa Sapitwa zili bwanji? Nsongayo ili pa mamita 3,002, pomwe pafupifupi magawo 70 pa 100 a mpweya uja akadali pamwamba pako. Cheza cha kuthambo chimawirikiza kawiri pa mamita 1,500 kapena 2,000 alionse okwera. M'mbali mwa nyanja ya mchere chimakhala cha m'ma 0.03 maikulosiveti pa ola, ndipo pa Sapitwa chimafika cha m'ma 0.1. Bambo wina amene amaperekeza alendo kuchokera ku Likhubula atandimva ndikukamba zimenezi anandifunsa kuti, “Aphunzitsi, ndiye ife okwera phiri sabata ndi sabatafe tikupsa pang'onopang'ono?” Ndinawayankha kuti, “Ayi bambo, ngakhale mutamanga nyumba pansongapo n'kukhala chaka chathunthu, cheza cha kuthambo chingangofika pa milisiveti imodzi.” Anthu a ku La Paz, m'dziko la Boliviya, amakhala pamwamba kuposa Sapitwa moyo wawo wonse. Kwa ine, chofunika kuyeza kuno ndi redoni wa m'nyumba ndi miyala imene tikukhalapo, osati thambo.

Ndege ndiye nkhani ina. Zonyamula anthu zimayenda pa makilomita 10 mpaka 12 m'mwamba, ndipo pamenepo mpweya wotsala pamwamba pake ndi gawo limodzi chabe pa magawo anayi. Chitsulo cha ndegeyo sichitchinga kanthu kwenikweni. Chimene chimathandiza ndi mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, yomwe imakhotetsa mapulotoni aja, koma imagwira ntchito bwino cha pakati pa dziko ndipo imafooka mukamayandikira kumapeto a kumpoto kapena kumwera. N'chifukwa chake ndege youluka cha kuno kwathu imalandira mamaikulosiveti 2 kapena 3 pa ola, pamene yodutsa kumpoto kwa nyanja ya Atilantiki, pa msinkhu womwewo, imalandira 5 mpaka 8.

Titenge ulendo wa ku Joni kuchokera pa Chileka. M'mwamba mumakhalamo maola awiri ndi pang'ono, koma pokwera ndi potsika cheza chimakhala chochepa, ndiye tiwerenge ola ndi theka pamwamba penipeni. Ola ndi theka kuchulukitsa ndi 3 tipeza mamaikulosiveti 4.5, ndipo tikaphatikiza za pokwera ndi potsika tifika pa 5 kapena 6. Izi sizikupitirira zimene munthu amalandira tsiku limodzi atangokhala pakhonde pa Chitakale. Mayi wokaoda katundu ku Joni mwezi uliwonse, kupita ndi kubwera, amakwera ndege ka 24 pachaka, ndipo zonse pamodzi zimangokwana mamilisiveti 0.14.

Apa ndi pomwe ndinaona kuti nkhani yonse yagona pa maola. Wogwira ntchito m'ndege amalandira cheza chofanana ndi cha wokwera pa ola lililonse, koma iye amakhalamo chaka chonse. Tiyerekeze kuti ali ndi maola 700 pamwamba. Akamauluka m'njira za pakati pa Afirika, 700 kuchulukitsa ndi 3 ndi mamaikulosiveti 2,100, omwe ndi mamilisiveti 2.1, ndiye kuti cheza chake cha pachaka chatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Mnzake wa njira za kumpoto, pa 6 pa ola, afika pa 4.2. Zimenezi n'zowonjezera pa 2.4 uja, chifukwa akatsika amakagona m'nyumba ngati tonsefe. Bungwe la ICRP, lomwe limapereka malangizo a chitetezo ku radiyeshoni, linanena mu 1990 kuti anthu amenewa aziwerengedwa ngati okumana ndi cheza pantchito. Malire a ogwira ntchito otere ndi mamilisiveti 20 pachaka, potengera zaka zisanu, ndipo a m'ndege amakhala kutali nawo. Wofunika kumuyang'anitsitsa ndi mayi woyembekezera: kuyambira pomwe wanena za pakati, mwanayo asalandire zoposa milisiveti imodzi. Pa 6 pa ola, malirewo amakwana m'maola osafika 170, yomwe ndi miyezi iwiri kapena itatu ya ntchito.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza masamu osavutawa. Dzuwa limasinthasintha m'nyengo ya zaka 11, ndipo chodabwitsa n'chakuti likakhala lolusa, mphepo yake imakankha cheza cha kutali chija, moti m'ndege chimachepako. Koma mwa apo ndi apo limalavula tizidutswa tamphamvu, monga linachitira pa 23 Febuluwale 1956, ndipo zikatero cheza chimakwera kwa maola angapo, makamaka m'njira za kumapeto a dziko.

China ndi chida choyezera. Anthu ena amakwera ndi kachida ka m'thumba ka Geiger, n'kujambula nambala zake pa foni. Kachidako kamaliradi kwambiri ndege ikakwera, koma nambala yake si yoikhulupirira, chifukwa pafupifupi theka la cheza cha pamwambapo ndi la manyutuloni, omwe iko sikawamva bwino, komanso kanakonzedwera kuyeza cheza cha mtundu wina cha pansi pano. N'chifukwa chake makampani ambiri a ndege sapachika chida pa yunifolomu ya aliyense monga amachitira ojambula kuchipatala. Amalowetsa tsiku, njira ndi msinkhu wa ulendo uliwonse m'pulogalamu ya pakompyuta, monga CARI-7, kenako n'kuphatikiza maulendo onse a munthuyo pachaka. Amene nambala yake ikuyandikira mamilisiveti 6 amamusinthira ku njira zazifupi kapena za pakati pa dziko.