Maimelo anga amathera mu Junk chifukwa cha mzere umodzi womwe ndinalemba ndekha

Tsopano mtima wakhala pansi, koma tsiku lathunthu la ntchito linapita pachabe. Ndimadikira kalata ya mgwirizano kuchokera ku kampani ina yomwe timagulako katundu, yofunika kusayinidwa sabata isanathe. Iwo akuti atumiza, ine mu Inbox mulibe kanthu. Ndinawaimbira foni kanayi, iwo anatumizanso katatu, mpaka mayi amene amandiyankha anayamba kuuma mawu.

Chondiwawa kwambiri ndi ofesi yathu ya zamakompyuta. Ndinapitako m'mawa, anandiuza kuti ndizimitse kompyuta ndiyatsenso. Ndinabwererako, akuti vuto lili kwa otumiza, auzeni atumizenso. Ulendo wachitatu ndinakhala pampando pafupifupi ola, kenako bambo wina anayang'ana pa seva nkunena kuti, "Maimelo onse anayi anafika, achimwene, kwathu kuno zonse zili bwino." Basi, nkutembenukira kwina. Sanandifunse ngakhale pulogalamu yomwe ndimawerengera maimelo. Akanangonena mawu awiri okha, Blocked Senders, bwenzi nditamaliza nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Ndimagwiritsa ntchito Outlook yakale ija ya pakompyuta, yotchedwa classic. Makalata onse anayi ndinawapeza mu foda ya Junk Email. Ndinakoka imodzi kuibweza mu Inbox nkuganiza kuti nkhani yatha, koma madzulo omwewo yotsatira inagweranso momwemo. Kukoka kumangosamutsa kalata imodziyo, chimene chikuigwetsa chimakhala chikadalipo.

Ndiye ndinalowa pa Home, Junk, kenako Junk E-mail Options. Patsamba loyamba pali milingo inayi ya sefa: No Automatic Filtering, Low, High ndi Safe Lists Only. Yanga inali pa High, mlingo womwe umagwira zinyalala zambiri koma nthawi zina umakokera limodzi ndi makalata abwino. Ndinaitsitsa mpaka pa No Automatic Filtering, ndinapempha mayi aja ayesenso, ndipo kalata inapitabe mu Junk. Apa mpomwe ambiri amasokonekera. Kuzimitsa sefa sikukhudza mndandanda wa anthu oletsedwa, womwe ndi Blocked Senders. Amene ali pamndandandawo amaponyedwa mu Junk ngakhale sefa itazimitsidwa.

Patsamba la Blocked Senders, pakati pa maadiresi ambirimbiri, panali mzere wa kampani ija wooneka motere:

```
@example.com
```

Mzere umene ukuyamba ndi @ popanda dzina kutsogolo kwake umatseka aliyense wa pakampani imeneyo, kuyambira wotsatsa malonda mpaka wolemba mainivoisi. Ndinakumbukira kuti miyezi yapitayo ankanditumizira zotsatsa malonda kuchokera ku maadiresi osiyanasiyana, ndipo nditatopa nazo ndinadina Add nkulemba dzina la kampani yonse. Nthawi imeneyo tinali tisanayambe kugula kwa iwo. Ndinadina mzerewo, Remove, kenako OK, ndipo kalata yotsatira inafika mu Inbox.

Ndaiwala kunena: musanasinthe chilichonse, tsegulani kalata ili mu Junk momwemo muwerenge kamzere ka pamwamba pake. Kamatha kukuuzani ngati yagwidwa ndi sefa ya Outlook kapena sefa ina. Ngati akaunti yanu ndi ya kuntchito ya Microsoft 365, tsegulani kalatayo, pitani pa File, Properties, ndipo mu Internet headers fufuzani `SFV:BLK`. Mukazipeza, ndiye kuti wotumizayo ali pamndandanda wanu womwe wa oletsedwa. Pa akaunti yotere mndandandawu umasungidwanso pa seva, nchifukwa chake ndi pafoni pomwe makalatawo samaoneka mu Inbox. Bambo uja akanatha kuziona zimenezi ali pampando wake.

Patsamba loyamba lija palinso kabokosi koyamba ndi mawu akuti Permanently delete suspected junk. Kanga kanali kosachonga, mwamwayi. Kakanakhala kochonga, makalata aja sakanafika ngakhale mu Junk, akanafufutidwa, ndipo bwenzi mpaka lero ndikukangana ndi anthu osalakwa. Kasiyeni choncho.

Sefa ndinaibweza pa Low. Makalata otsala mu Junk ndinawatulutsa podina batani lakumanja la mbewa, Junk, Not Junk, nkusiya chochonga pa mawu akuti Always trust, zomwe zimaika adiresiyo pa Safe Senders. Malinki a m'kalata sagwira ntchito ikadali mu Junk, ndiye itulutseni kaye musanaganize kuti akutumizirani chinthu chowonongeka.

Koma ndikubwerezanso: yambani ndi Blocked Senders, werengani mzere uliwonse, makamaka imene ikuyamba ndi @. Ine nditawerenga mpaka pansi ndinapezanso makampani ena awiri omwe ndinawatseka motero, ndipo imodzi mwa iwo inali itanditumizira inivoisi yomwe yakhala mu Junk masabata awiri. Mawa m'mawa ndiwaimbira kukapepesa.