Lipoti la njere za lukina lafika pa gawo la malire

Lipoti langa la kameredwe ka njere za lukina latsala pang'ono kutha. Njira ndinalemba kale, matebulo a zotsatira ali m'malo mwake, ndipo masiku ano ndakhala ndikulimbana ndi gawo lofotokoza malire a kafukufukuyu pamodzi ndi zimene ena angafufuze kupitiriza pomwe ndalekezera. Gawoli ndi lalifupi, ndime zitatu kapena zinayi basi, koma landidyera nthawi kuposa magawo ena onse.

Kwa amene simunaone zimene ndinalemba m'mbuyomu, ntchito yake inali iyi. Njere za lukina zili ndi khungu lolimba lomwe sililola madzi kulowa msanga, n'chifukwa chake zimachedwa kumera. Ndinatenga njere 150 n'kuzigawa patatu. Njere 50 ndinaziviika m'madzi otentha madigiri 80 kwa mphindi 3, zina 50 ndinazikhula pang'ono pa sandipepa, zotsala 50 ndinazifesa mmene zinalili. Pofika tsiku la 21, za madzi otentha zinamera 36, zokhula zinamera 40, zosachita kanthu zinamera 14. M'maperesenti ndi 72, 80 ndi 28.

Malipoti ambiri amene ndawerengapo amalemba gawo la malire ngati kupepesa. Mumapeza mawu onga akuti njere zinali zochepa, nthawi inachepa, zipangizo zinali zosakwanira, choncho zotsatirazi zitengedwe mosamala. Mawu oterewa ndi oona, koma amamusiya wowerenga m'malere. Sadziwa ngati zotsatira zonse zagwa kapena yagwa mbali imodzi yokha, ndiye podziteteza amangokayikira zonse. Ena amathawira mbali inayo, satchula chilichonse, ndipo wodziwa za njere akangoona mpata umene wolemba sanaunene amayamba kudzifunsa kuti kaya pabisika zingati. Ine ndikuona kuti chimene chimagwetsa lipoti ndi malire otchulidwa popanda kunena pomwe akulekezera. Choncho pa chilichonse chimene ndikulemba m'gawoli ndikumayankha mafunso atatu: chikukhudza mfundo iti ya m'lipoti, chikukankhira zotsatira mbali iti, ndipo ndi mfundo iti imene sichikuigwedeza.

Tiyambe ndi kuchepa kwa njere, poti apa m'pamene pali zambiri. Lipoti langa lili ndi mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti kuviika m'madzi otentha kumameretsa njere zambiri kuposa kufesa osachita kanthu. Yachiwiri ndi yoyerekeza madzi otentha ndi sandipepa. Njere 50 pa gulu ndi zochepa, koma kuchepako sikupweteka mfundo ziwirizi mofanana, ndipo zimenezi zimaoneka ukawerengera mpata umene zotsatira zingasunthire mwangozi chabe. Ndinagwiritsa ntchito masamu wamba oyerekezera magulu awiri:

```
1.96 × √( p1(1−p1)/n1 + p2(1−p2)/n2 )
```

Apa p ndi gawo la njere zomwe zamera, monga 0.72, ndipo n ndi chiwerengero cha njere m'gululo; yankho lake mulichulukitse ndi 100 kuti likhale m'maperesenti. Pa mfundo yoyamba, kusiyana kwa 72 ndi 28 ndi 44, ndipo mpata ukutuluka pafupifupi 18 mbali zonse. Ndiye kuti kusiyana kwenikweni kuyenera kuti kuli pakati pa 26 ndi 62. Ngakhale mutatenga nambala yaing'onoyo, madzi otentha akadali patsogolo kwambiri. Pa mfundo yachiwiri zinthu n'zosiyana. Kusiyana kwa 80 ndi 72 ndi 8 yekha, pamene mpata ndi pafupifupi 17. Apa n'kutheka kuti sandipepa akuposa ndi 25, n'kuthekanso kuti madzi otentha ndi amene akuposa ndi 9. Njere zinayi zokha ndi zimene zikulekanitsa magulu awiriwa.

Ndime yake ndailemba chonchi: "Gulu lililonse linali ndi njere 50. Chiwerengerochi n'chokwanira kuonetsa kuti njere zoviikidwa m'madzi otentha zinamera zambiri kuposa zosachita kanthu, chifukwa kusiyana kwake kuli pakati pa maperesenti 26 ndi 62. Koma n'chosakwanira kunena njira yoposa inzake pakati pa madzi otentha ndi sandipepa, choncho lipotili silikusankha pakati pa njira ziwirizi." Mulibe mawu akuti mwatsoka, mulibe kudandaula. Wowerenga akutuluka akudziwa chimene angagwire ndi manja awiri ndi chimene asiye kaye.

Ndimeyi inandibweza m'mbuyo ku chidule cha lipoti ndi ku mathero ake, ndipo ndikukhulupirira kuti gawo la malire likalembedwa bwino liyenera kutero. Ngati ku malire mwanena kuti simungasankhe pakati pa njira ziwiri, koma ku chidule mwalemba kuti sandipepa ndiye njira yabwino koposa, wowerenga aona kuti lipoti likudzitsutsa lokha, ndipo apo m'pamene chikhulupiriro chimathera. Mawu a m'chidule ayenera kufika pomwe malire alola, osapyola. Langa tsopano likungoti njira zonse ziwiri zinameretsa njere zambiri kuposa kusachita kanthu.

Malire achiwiri ndi tsiku lomwe ndinasiyira kuwerenga. Apa funso la mbali ndi limene likugwira ntchito. Njere za khungu lolimba zimene sizinamere pofika tsiku la 21 sikuti zonse n'zakufa. Zambiri zimakhala zikadali zamoyo, zikungodikira kuti khungu lifewe, ndipo zimatha kumera patapita masabata kapena miyezi. Njere zoterezi zachuluka m'gulu losachita kanthu. Ndiye kusiya kuwerenga msanga kukukometsera njira zanga ziwiri zija, kukuchititsa kusiyana kuoneka kwakukulu kuposa mmene kukanakhalira ndikanadikira nthawi yaitali. Izi ndazinena poyera, poti malire okomera mbali yako ndi amene wowerenga wochenjera amayamba kuwafunafuna. Kenako ndasintha mawu a mfundo yoyamba kuti azinena za njere zomera pofika tsiku la 21, osati njere zonse zomwe zingamere. Mfundoyo yachepa pang'ono m'lifupi koma tsopano palibe angaigwetse ndi funso limeneli, ndipo kwa munthu wofesa nazale amene akufuna mbande zofanana msinkhu, kumera msanga ndi kumene akufuna kudziwa.

Achitatu ndi ovutirapo. Gulu lililonse linali m'thireyi imodzi yakeyake. Ngati thireyi ina inali pamalo ofundirapo kapena inkasunga chinyontho kuposa zinzake, kusiyana kwa malo kwasakanikirana ndi kusiyana kwa njira, ndipo palibe masamu angazilekanitse. Katswiri wa zachilengedwe Stuart Hurlbert analemba za vuto limeneli mu 1984, ndipo mpaka pano limapezekabe m'mayeso ang'onoang'ono ngati anga. Limakhudzanso mpata ndawerengera pamwambapa, chifukwa masamu aja amatenga njere iliyonse ngati yoima payokha, pamene njere za m'thireyi imodzi zimagawana zonse zochitikira thireyiyo. Mpata weniweni ungakhale wokulirapo. Apa sindingathe kunena mbali imene zikukankhira, ndipo ndalemba choncho m'lipoti, n'kuwonjezera zimene ndinachita pochepetsa vutoli: dothi linali losakaniza pamodzi, madzi othirira anali oyeza mofanana, ndipo mathireyi ndinkawasinthanitsa malo tsiku lililonse. Maganizo anga ndi akuti kusiyana kwa malo pa shelefu imodzi n'kovuta kuti kubweretse kusiyana kwa 44, koma kwa 8 kungabweretse mosavuta. Ndalembamo kuti awa ndi maganizo anga, kuti wowerenga asawatenge ngati chinthu choyezedwa.

Pali chinanso cha chiganizo chimodzi chokha: njere zonse zinachokera ku mtengo umodzi, m'nyengo imodzi, choncho maperesentiwa asayembekezeredwe pa njere za kwina kapena zosungidwa nthawi yaitali.

Zina ndazisiya dala. Sindinalembe zoti ndinalibe chipinda choyesera, kapena kuti ntchitoyi ndimaichita pa nthawi yanga yopuma. Zimenezo zikunena za ine, sizikuuza wowerenga kuti nambala iti aikayikire. Ngati kusowa chipangizo kwakhudza zotsatira, tchulani zotsatirazo ndi mmene zakhudzidwira. Ngati sikunakhudze, kulibe malo m'gawoli. Mndandanda wautali wa tizinthu ting'onoting'ono umakwiriranso zinthu ziwiri kapena zitatu zofunikadi, ndipo umaoneka ngati wolemba akudzitchinjiriza.

Ndikalemba malire motere, gawo la kafukufuku wotsatira likumatuluka lokha, poti lingaliro lililonse likubadwa kuchokera ku malire ake. Chiganizo chakuti pakufunika kafukufuku wina wochuluka sichithandiza aliyense, chingaikidwe kumapeto kwa lipoti lililonse pa dziko. Ine ndikufuna kuti munthu akawerenga adziwe chofesa mawa. Pa funso la sandipepa ndi madzi otentha ndawerengera kuti, ngati kusiyana kwenikweni kuli pafupi ndi 8, pangafunike njere pafupifupi 450 pa gulu kuti kuoneke bwino. Nambalayi siili kutali ndi ya bungwe la ISTA, loona za kayesedwe ka njere pa dziko lonse, lomwe malamulo ake oyesera kameredwe amagwiritsa ntchito njere 400, kawirikawiri m'magawo anayi a njere 100. Choncho ndalemba kuti woyesanso atenge njere zosachepera 400 pa njira iliyonse, azigawe m'mathireyi anayi kapena kuposa, ndipo malo a mathireyiwo asankhidwe mwa maere. Lingaliro limodzili likutseka malire awiri nthawi imodzi, la kuchepa kwa njere ndi la thireyi imodzi.

Pa nkhani ya tsiku la 21 ndapereka njira yotsika mtengo: kupitiriza kuwerenga kwa masabata ena angapo, kenako kufukula njere zonse zosamera n'kuzidula pakati. Yolimba, ya mkati mwabwinobwino, inali kungodikira. Yofewa, yakuda kapena yonunkha inafa. Kudulaku kungayankhenso funso limene zotsatira zanga zadzutsa, lakuti njere 14 zosamera m'gulu la madzi otentha zinapsa ndi kutentha kapena madziwo sanakwanitse kufewetsa khungu lake. Mayankho awiriwa amatsogolera kosiyana, lina likuti chepetsani mphindi, lina likuti onjezerani.

Ndasamalanso kuti malingalirowa asamveke ngati akunena kuti ntchito yeniyeni sinachitike. Lililonse ndikuliyamba ndi chimene chapezeka kale, monga kuti popeza njira zonse ziwiri zaonetsa kuti zimagwira ntchito, chotsala ndi kudziwa yoposa inzake.

Chimene sindinamalize ndi kasanjidwe ka ndimezi. Pano ndaika nkhani ya thireyi imodzi patsogolo chifukwa ndi imene ikukhudza mfundo zonse ziwiri, kenako kuchepa kwa njere, kenako tsiku la 21. Sabata ikubwerayi ndipereka lipotili kwa mnzanga amene sanaonepo zotsatira, ndimupemphe kuti awerenge gawo la malire lokha n'kundiuza mfundo imene akuikhulupirira ndi imene akuikayikira. Akatchula zosiyana ndi zimene ndimafuna kunena, ndime imeneyo ndiilembanso.